Mtengo Ukaboola Denga, Ukaima Pati? Mafunso ndi Mayankho pa Chitsanzo cha Golide

Kuyambira mu Ogasiti 2020 mpaka kumayambiriro kwa 2024, mtengo wa golide pamsika wa dziko lonse unkati ukafika cha m'ma 2,075 madola a ku America pa aunzi imodzi, n'kubwerera. Unatero kangapo. Mu Marichi 2024 unadutsa pamenepo, ndipo sunabwererenso. Amene anali ndi golide anasangalala, koma anatsala ndi funso lovuta: tigulitse pa mtengo wanji, poti kumtundaku sikunapondedwepo? Mafunso ali m'munsiwa akutsata mmene amalonda a pa tchati amayankhira funsoli, ndipo tigwiritsa ntchito golide yemweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mitengo yonse ndi ya madola pa aunzi, ndipo ndaizungulitsa kuti masamu asavute.

Kodi denga n'chiyani, ndipo limachokera kuti?

Amalonda amati rezisitansi. Ndi mtengo umene msika unafikapo kale n'kubwerera, ndipo ukayandikiranso pamapezeka ogulitsa ambiri. Ogulitsawo ndi anthu okhala ndi zifukwa zawo. Taganizani za munthu amene anagula golide mu Sepitembala 2011 pa 1,900, mtengo n'kuyamba kutsika mpaka kufika cha m'ma 1,050 mu Disembala 2015. Zaka zonsezo ankangoti, "Ukangobwerera pamene ndinagulira, nditulukamo." Anthu otere akachuluka pa mtengo umodzi, amapanga denga. Palinso ena amene anaona mtengo ukubwerera pamalopo kale, ndiye amaika maoda awo ogulitsira pomwepo poyembekezera kuti zichitikanso.

Mtengo ukadutsa pamwamba pa mitengo yonse ya m'mbuyo, gulu loyamba lija kulibenso. Aliyense amene ali ndi katunduyo ali pa phindu, ngakhale amene anagula dzulo. Palibe amene akudikira kuti apezenso mpamba wake. N'chifukwa chake amati kumtunda kulibe denga.

Ndiye kuti mtengowo ungokwerabe osaima?

Ayi. Ogulitsa alipobe, kungoti tchati sichikukuuzani pamene akhala. Ena akufuna kutapa phindu, makampani a migodi amagulitsiratu golide amene sanakumbe kuti ateteze mtengo wabwinowo, ndipo ena amabetcha kuti mtengo wapyola muyeso. Onsewa amaonekera pokhapokha atayamba kugulitsa. Choncho nambala iliyonse imene munthu angatchule kuti "tikupita apa" yachokera m'masamu ake, osati m'mbiri ya msika. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukumbukira m'nkhani yonseyi: denga lenileni lili ndi anthu amene anavulalapo, pamene tageti ili ndi pensulo basi.

Njira yosavuta yopezera tageti ndi iti?

Ndi kuyeza msinkhu wa mpanda umene mtengo unatsekeredwamo, n'kuusanjika pamwamba pa denga lobooledwa. Golide anakhala zaka zitatu ndi theka pakati pa 2,075 kumtunda ndi 1,615 kumunsi. Mtengo wa 1,615 unafikidwa chakumapeto kwa 2022, banki yayikulu ya ku America ikukweza chiwongoladzanja mwamphamvu. Masamu ake ndi awa:

```
2075 - 1615 = 460
2075 + 460  = 2535
```

Ganizo lake ndi loti msika umene unkatha kuyenda madola 460 uli m'khola ungathe kuyendanso mtunda wofananawo utatuluka. Palibe lamulo la chilengedwe lonena choncho. Ubwino wake ndi woti muyeso wachokera kwa katunduyo mwini wake, osati m'mutu mwa wolosera.

Chinachitika n'chiyani? Pa 20 Ogasiti 2024 golide anafika cha m'ma 2,530, n'kukhala milungu itatu akuvinavina pansi pa mtengowo. Munthu amene anajambula 2,535 mu Marichi akanatha kudziguguda pachifuwa. Koma pakati pa Sepitembala mtengo unadutsa, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala unali pa 2,790. Amene anagulitsa zonse pa 2,535 anapeza phindu labwino, n'kusiya madola ena 255 pa aunzi iliyonse mkati mwa miyezi iwiri yokha.

Nanga za Fibonacci zimene anyamata a pa tchati amakonda kutchula zija?

Ndi njira yomweyo, koma msinkhu uja umachulukitsidwa ndi manambala ena m'malo mongouphatikiza kamodzi. Manambalawo amachokera ku mndandanda wotchedwa ndi dzina la Leonardo wa ku Pisa, katswiri wa masamu wa m'zaka za m'ma 1200: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, nambala iliyonse ikhala kuphatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake. Mukagawa nambala ndi inzake ya m'mbuyo, yankho limayandikira 1.618. Amalonda amatenga 1.272, 1.618, 2.618 ndi 4.236. Pa TradingView mumatsegula XAUUSD, n'kusankha chida cha Fib Retracement, kuchikoka kuchokera pa nsonga kufika pansi, kenako kuyatsa manambala opitirira 1. Mukafuna kuwerengera pamanja:

```
tageti = pansi + (msinkhu x nambala)
1615 + 460 x 1.272 = 2200
1615 + 460 x 1.618 = 2359
1615 + 460 x 2.618 = 2819
1615 + 460 x 4.236 = 3564
```

Tsono tiyeni tiike manambalawa pambali pa zimene zinachitikadi. Mu Marichi 2024, patangopita masiku ochepa chiboolereni denga, golide anafika pafupi ndi 2,200 n'kupumulapo pafupifupi milungu iwiri. Apa mzere unagwira. Mzere wa 2,359, umene ambiri amaulemekeza kuposa yonse, sunagwire kanthu: mu Epulo mtengo unaudutsa mpaka 2,430, ndipo miyezi yotsatira unkangouwoloka uku ndi uku ngati palibe chilichonse. Mzere wa 2,819 unaphonyedwa ndi madola pafupifupi 30, pakuti nsonga ya Okutobala inali 2,790. Wa 3,564 unaphonyedwa ndi madola oposa 60, poti pa 22 Epulo 2025 golide anakhudza 3,500 n'kubwerera.

Wokonda Fibonacci aona mizere itatu mwa inayi itagwira ntchito. Wokayikira afunsa kuti: ngati munaika oda yogulitsa pa 2,819 ndendende, inagwira? Sinagwire, ndipo patatha milungu iwiri mtengo unali utatsikira cha m'ma 2,540. Onse awiri akunena zoona. Phunziro logwirika ndi loti mzerewo muziuona ngati dera, ndipo oda yanu muziiika pansi pang'ono pa mzere, osati pamwamba pake penipeni.

Kodi manambalawa ali ndi mphamvu yanji pa msika?

Maganizo anga ndi akuti paokha alibe mphamvu ina iliyonse. Golide sadziwa za Leonardo wa ku Pisa. Chimene chilipo n'choti anthu ambirimbiri amayang'ana tchati chimodzi, amakoka chida chimodzi kuchokera pa nsonga zofanana, ndiye maoda awo amaunjikana malo ofanana. Mphamvu yake imathera pomwepo. Komanso mukajambula mizere isanu kapena isanu ndi umodzi pamwamba pa mtengo, paliponse pamene msika ungaime padzakhala mzere wina pafupi. Pambuyo pake anthu amaonetsa mzere umene unagwira, ina ija n'kuifufuta mwakachetechete.

Chimene chinkakankha golide zaka zimenezi chinali kunja kwa tchati. Mabanki aakulu a mayiko anagula matani oposa 1,000 chaka chilichonse mu 2022, 2023 ndi 2024, malinga ndi World Gold Council. Mu Sepitembala 2024 banki yayikulu ya ku America inayamba kutsitsa chiwongoladzanja. Mu Epulo 2025 kunabuka mkangano wa misonkho ya katundu wolowa m'dziko la America. Banki yayikulu imene ikusunga chuma cha dziko siyileka kugula chifukwa mtengo wafika pa mzere wa 1.618.

Anthu awiri akayeza katundu mmodzi, bwanji amapeza matageti osiyana?

Chifukwa sayambira pamodzi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Ife tayeza mpanda wa 2020 mpaka 2024. Wina anganene kuti mpanda weniweni ndi wakale uja: nsonga ya 2011 pa 1,920 ndi chigwa cha 2015 pa 1,050. Msinkhu wake ndi 870.

```
1920 + 870 = 2790
```

Yankholi ndi nsonga ya Okutobala 2024 ndendende. Zimachititsa nthumanzi, koma musafulumire. Wachitatu anganene kuti pa zaka zambiri chonchi sitiyeza ndi madola, tiyeze ndi maperesenti, chifukwa madola 100 pa mtengo wa 1,000 sali ofanana ndi madola 100 pa mtengo wa 3,000. Kuchoka pa 1,050 kufika pa 1,920 ndi kuchulukitsa ndi 1.83. Akachulukitsanso denga ndi nambala yomweyo:

```
1920 / 1050 = 1.83
1920 x 1.83 = 3514
```

Ameneyunso wagwa pafupi ndi nsonga ya Epulo 2025. Tsono taonani: anthu atatu, katundu mmodzi, matageti 2,535, 2,790 ndi 3,514, ndipo aliyense ali ndi tsiku limene anaoneka wolondola. Koma mu Marichi 2024 palibe chimene chikanakuuzani kuti mwa atatuwa mutsate uti. Ndiponso palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mapeto, pakuti mu Okutobala 2025 golide anadutsa 4,000 n'kufika cha m'ma 4,380.

Pali malangizo awiri amene amachepetsa chisokonezochi. Loyamba, yezani mpanda wolingana ndi nthawi imene mukufuna kusunga katunduyo. Wofuna kutuluka pakatha milungu alibe nazo ntchito nsonga za 2011. Lachiwiri, ngati kusiyana kwa nsonga ndi chigwa n'kwakukulu, monga pamene mtengo unatsika ndi theka, yatsani sikelo ya maperesenti, imene pa tchati imalembedwa Log, n'kuwerengera pochulukitsa. Ndipo pamene miyeso iwiri yosiyana yagwera pafupi, monga 2,790 ndi 2,819, deralo mulipatse ulemu woposa mzere woima wokha.

Manambala athunthu monga 3,000 ali ndi ntchito?

Ali nayo, mwina kuposa Fibonacci, chifukwa safuna chida. Munthu akamaika oda salemba 3,487, amalemba 3,500. Mitu ya nkhani nayonso imakonda manambala otere. Golide atakhudza 3,500 pa 22 Epulo 2025, anabwerera tsiku lomwelo ndipo anakhala pansi pake miyezi yoposa inayi, mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala 2025. Koma 3,000 mu Marichi 2025 ndi 4,000 mu Okutobala anangomuchedwetsa masiku owerengeka.

Ndingadziwe bwanji kuti denga labookadi ndisanayambe n'komwe kuwerengera?

Funsoli liyenera kubwera patsogolo pa masamu onse. Pa 4 Disembala 2023, msika utangotsegulidwa ku Asia, golide analumpha kupitirira 2,130. Inali mbiri yatsopano, ndipo ambiri anathamangira kugula. Tsiku lomwelo anatseka cha m'ma 2,030, pansi pa denga lakale, ndipo mkati mwa masiku khumi anali pansi pa 2,000. Amene anajambula matageti m'mawa umenewo anajambula pa madzi.

Chizindikiro chinali poyera: mtengo unangosuzumira pamwamba pa denga koma sunagonepo. Yerekezani ndi Marichi 2024. Pa 1 Marichi, limene linali Lachisanu, golide anatseka tsiku ndi mlungu womwe pamwamba pa 2,075, Lolemba lotsatira anatseka pamwamba pa 2,100, ndipo masiku otsatira ankatseka mokwererakwerera. Choncho yang'anani mtengo wotsekera, makamaka wa mlungu, osati nsonga ya kandulo. Kudikira kumakudyerani madola angapo a phindu, koma n'kotchipa poyerekeza ndi kugula pa 2,130 n'kugulitsa pa 1,990.

Ngati tageti siinena mapeto, ntchito yake n'chiyani?

Ntchito yoyamba ndi kukuuzani ngati malondawo ndi oyenera kulowamo. Tinene kuti mukugula pa 2,100 mu Marichi 2024. Chigwa chomaliza denga lisanabooke chinali cha m'ma 1,985 mu Febuluwale, ndiye sitopu losi mukuiika pa 1,980. Zikavuta mutaya madola 120 pa aunzi. Tageti ya 2,535 ikutanthauza phindu la 435. Mukuika 1 pangozi pofuna kupeza 3.6, ndipo malonda otere ngakhale atamalephera kawiri pa katatu kalikonse mukhozabe kutsala ndi kanthu. Tsono wina wachedwa, akugula pa 2,400 mu Epulo, sitopu losi yake ili pansi pa denga lakale, pa 2,060. Waika 340 pangozi pofuna 135. Katundu ndi yemweyo, tageti ndi yomweyo, koma malonda ake ndi oipa. Popanda nambala ya kumtunda, masamu amenewa simungawachite.

Ntchito yachiwiri ndi kukukonzerani zochita mutu ukadali wozizira. Mtengo ukamathyola mbiri tsiku ndi tsiku, mtima umakuuzani zinthu ziwiri zotsutsana: gulitsa msanga zisanathe, ndiponso usagulitse, mawa zikwera. Amalonda ambiri amagawa katundu patatu. Gawo loyamba amagulitsa pa tageti yoyamba n'kukweza sitopu losi kufika pamene anagulira. Lachiwiri amagulitsa pa dera lotsatira, monga 2,790 mpaka 2,819. Lachitatu saliikira tageti konse.

Gawo lopanda tagetilo amatulukamo bwanji?

Amalola msika kuwatulutsa. Chida chodziwika ndi ATR, chimene J. Welles Wilder anafalitsa mu 1978. Chimayeza kuti katunduyo amayenda mtunda wotani pa tsiku, kawirikawiri potengera masiku 14. Mumatenga nsonga yapamwamba imene mtengo wafika, n'kuchotsapo ATR katatu, ndipo pamenepo ndiye pa sitopu losi yanu. Mtengo ukakwera, sitopu losi imakwera nawo. Ukatsika, sitopu losi siitsika.

Tiyerekeze kuti kumapeto kwa Okutobala 2024 ATR inali 35.

```
2790 - (3 x 35) = 2685
```

Pa 6 Novembala, zotsatira za chisankho cha ku America zitadziwika, golide anagwa kudutsa pamenepo, ndipo mukanatuluka cha m'ma 2,685. Mukanapulumuka kutsika kofika 2,540. Koma mukanakhalanso panja pamene mtengo unadutsa 2,790 kumapeto kwa Januwale 2025, pokhapokha mutakhala ndi lamulo lolowanso denga latsopanolo likabooka. Njirayi siikupatsani nsonga, ndipo nthawi zonse mumabweza gawo la phindu. Mukaifupikitsa kufika pa ATR imodzi, kagwedezeka wamba kakutulutsani. Mukaitalikitsa kufika pa zisanu, mubweza zambiri.

Dziwaninso kuti ATR imakula mtengo ukamathamanga. Pa 21 Okutobala 2025 golide anagwa ndi maperesenti oposa 5 tsiku limodzi, madola oposa 200 pa aunzi, ndipo patatha mlungu anali pansi pa 3,900. Amene ankachita malonda ndi ndalama zobwereka kwa bulokala, atatsegula loti yofanana ndi imene ankatsegula mtengo uli pa 2,100, akaunti inatha asanafike n'komwe poganiza za tageti. ATR ikawirikiza kawiri, loti ichepe ndi theka.

Kodi mbiri yatsopano mu kwacha ndi chimodzimodzi ndi mbiri yatsopano mu madola?

Si chimodzimodzi, ndipo ili ndi dzenje limene ife a ndalama zofooka tiyenera kulisamala. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Golide nthawiyo anali cha m'ma 1,950 madola. Mu kwacha, aunzi inachoka pa K2.3 miliyoni kufika pa K3.3 miliyoni usiku umodzi, pamene ku London sipanasinthe kanthu. Wojambula tchati cha kwacha akanaona denga litabooka mochititsa kaso n'kuyamba kusanjika Fibonacci pamwamba pake. Koma chimene chinayenda ndi muyeso, osati katundu. Tageti yezani mu ndalama imene katunduyo amagulitsidwira pamsika wake waukulu, kenako musinthe yankho kupita mu kwacha.

Dola nayonso imafooka, pang'onopang'ono. Mu Januwale 1980 golide anafika 850, ndipo mtengo umenewu sunadutsidwe mpaka Januwale 2008. Mukawerengera kukwera kwa mitengo ya zinthu ku America, 850 ya 1980 ikufanana ndi pafupifupi 3,500 ya 2025. Kunena kwina, "mbiri zatsopano" zonse za 2008, 2011, 2020 ndi 2024 zinali pansi pa nsonga ya 1980 pa mphamvu yogulira zinthu.

Nanga matageti amene mabanki akuluakulu amalengeza m'nyuzi?

Amenewo kawirikawiri sachokera pa mizere ya tchati. Amawerengera kuchuluka kwa golide amene mabanki aakulu a mayiko angagule, kumene chiwongoladzanja chikulowera ndi mphamvu ya dola. Ndi oyenera kuwerenga chifukwa cha zifukwa zimene amapereka. Nambala yakeyo imasinthidwa mtengo ukasintha: mu 2024 ndi 2025 mabanki ambiri anakweza matageti awo a golide kangapo, nthawi zambiri mtengo utadutsa kale nambala yakale. Amenewa akalakwitsa amangolemba lipoti lina, pamene inu mumataya ndalama.

Choncho munthu amene katundu wake wangothyola mbiri lero achite chiyani?

Adikire mtengo utseke pamwamba pa denga, makamaka pa mlungu. Ayeze mpanda umodzi wolingana ndi nthawi yake, apeze matageti awiri kapena atatu, osapitirira apo, n'kuwalemba papepala pamodzi ndi mtengo umene udzamuuze kuti walakwitsa. Ngati mtunda wopita ku tageti yoyamba suposa kawiri mtunda wopita ku sitopu losi, asalowe, ngakhale anzake a pa gulu la WhatsApp akuwe chotani. Ndipo musanakhulupirire munthu wokuonetsani tchati cha mzere umene "unagwira ndendende", mufunseni akuonetseni tsiku limene anaujambula, komanso mizere ina yonse imene anajambula tsiku lomwelo.